Maola awiri ophunzitsa achinyamata kuwerenga ziwerengero za kanema pa foni

Mnyamata kapena mtsikana akaika kanema pa YouTube, TikTok kapena Facebook, amathamangira kuona nambala imodzi yokha, ya anthu amene atsegula kanemayo. Ikakwera amasangalala, ikatsika amati mwina tsiku silinali labwino. Koma foni yomweyo imasunga ziwerengero zina zonena kuti anthu anaonera kwa nthawi yaitali bwanji, anachokera pati, ndipo anaufika bwanji kanemayo. Ndondomeko ili m'munsiyi ndi ya phunziro la maola awiri la achinyamata pafupifupi 20, loti mphunzitsi, mtsogoleri wa kalabu kapena wa gulu la kutchalitchi akhoza kulitsogolera popanda kompyuta. Cholinga chake n'chakuti wophunzira aliyense achoke atadziwa chinthu chimodzi choti akasinthe pa kanema wake wotsatira, ndipo athe kuloza nambala imene yamuuza zimenezo.

Ndasankha YouTube Studio, pulogalamu yaulere imene ndi yosiyana ndi ya YouTube yoonerera, chifukwa imaonetsa ziwerengero momveka bwino pa foni. Wamvetsa iyi sadzavutika ndi za TikTok kapena Facebook.

Kukonzekera kuchitike dzulo lake. Pezani achinyamata asanu amene ali ndi kanema amene wakhala pa intaneti kwa sabata kapena kuposerapo. Kanema woikidwa m'mawa womwewo sathandiza, popeza ziwerengero zambiri zimatenga tsiku limodzi kapena awiri kuti zikhazikike. Kanemayo akhale wosachepera masekondi 60 ndipo akhale wotsegulidwa kosachepera ka 100, chifukwa akapanda kufika pamenepo YouTube siisonyeza malo ofunika pa mzere wa oonera. Eni ake ajambule zithunzi za masamba a ziwerengerowo pa foni pawo akadali kunyumba. Netiweki ya Airtel kapena TNM ikhoza kuvuta m'holo, bandulo ikhoza kutha phunziro lili mkati, koma zithunzi zosungidwa kale zimatseguka popanda intaneti. Aliyense agwire yekha foni yake, ndipo pasakhale kupemphana mawu achinsinsi olowera mu akaunti, ngakhale wopemphayo ndi mphunzitsi.

Mphindi 15 zoyambirira mafoni akhale m'thumba. Lembani pa bolodi makanema awiri ongoyerekeza, onse a mphindi 4, onse ophunzitsa kumezanitsa mango. Woyamba watsegulidwa ka 600, wachiwiri ka 250. Funsani kuti wachita bwino ndi uti. Pafupifupi onse adzaloza woyamba. Kenaka onjezerani mzere wina: pa woyamba, munthu amaonera mphindi imodzi mukagawa mofanana, pomwe pa wachiwiri amaonera mphindi 2 ndi masekondi 24. Asiyeni awerengetse okha. Woyamba, 600 kuchulukitsa ndi mphindi imodzi, apeza mphindi 600, omwe ndi maola 10. Wachiwiri, 250 kuchulukitsa ndi 2.4, apezanso mphindi 600. Nthawi yonse yoonera ndi yofanana, koma oonera woyamba anaona gawo limodzi mwa magawo anayi, 25 peresenti, pomwe a wachiwiri anaona 60 peresenti. Ngati kumanga kamtengo ndi pulasitiki kukuonetsedwa pa mphindi yachiwiri, ambiri a kanema woyamba anachoka asanaone chimene anabwerera. Masamu amenewa musawachitire. Wophunzira akadzipezera yekha kuti 250 ikhoza kulingana ndi 600, sadzaionanso nambala ija monga ankaionera kale.

Tsopano agaweni m'magulu a anthu anayi, gulu lililonse foni imodzi, ndipo muwapatse mphindi 20 zofufuza. Mwini foni atsegule YouTube Studio, apite pa Content, asankhe kanema mmodzi, kenaka alowe mu Analytics ya kanemayo. Mawu a pa foni ali m'Chingerezi, ndiye lembani pa bolodi anayi okha monga akuonekera. Views ndi maulendo amene kanema watsegulidwa, osati chiwerengero cha anthu, pakuti munthu mmodzi akhoza kuonera katatu. Watch time ndi nthawi yonse yoonera itaphatikizidwa. Average view duration ndi nthawi imene amaonera pa ulendo umodzi mukagawa mofanana. Impressions ndi maulendo amene YouTube yaonetsa anthu kachithunzi ka pachikuto ka kanemayo, kaya anakadina kaya ayi. Mabatani amasuntha pulogalamu ikasinthidwa, choncho aphunzitseni kusaka mawuwo, osati kuloweza kuti batani lili kumanja kapena kumanzere. Gulu lililonse likopere manambala anayiwo m'kope pamodzi ndi kutalika kwa kanema, pakuti mphindi imodzi pa kanema wa masekondi 90 ndi yabwino kwambiri, pomwe mphindi yomweyo pa kanema wa mphindi 10 ndi chenjezo.

Gawo lalikulu, la mphindi 40, lipite ku mzere umene umatchedwa Audience retention. Apa ndi pamene pali phindu la tsikulo, ndipo nthawi ikachepa dulani kwina koma osati pano. Mzerewu umayambira kumanzere, pamene kanema akuyamba, n'kumatsika kulowera kumanja pamene anthu akuchoka. Kutalika kwake pa sekondi iliyonse kumaonetsa gawo la oonera amene akadalipo. Kutsika pang'onopang'ono si vuto, makanema onse amatero. Chofunika kusaka ndi pamene mzere wagwa mwadzidzidzi, pamene wayenda mowongoka osatsika, ndi pamene wakwera kaphiri. Kugwa kumasonyeza kuti ambiri anachoka kapena kulumpha gawolo. Kuwongoka kumasonyeza kuti anakhazikika. Kaphiri kamabwera anthu akabwereza gawo lina kapena kulumphira pomwepo.

Ntchito ya gulu ndi iyi: mmodzi ajambule mzerewo papepala lalikulu, wachiwiri alembe sekondi imene wagwa kwambiri, wachitatu atsegule kanemayo pa sekondi imeneyo, wachinayi anene zimene zikuoneka ndi kumveka. Tibwerere ku kanema wa mango wa 600 uja. Tiyerekeze kuti pofika sekondi 30 patsala 45 peresenti. Gulu likaonera masekondi amenewo lipeza mwini wake akupereka moni, akutchula dzina lake ndi mudzi wake, akuthokoza onse amene anaonera kanema wapita, akupempha anthu kuti alembetse ku tchanelo chake. Mpeni ndi kamtengo sizinaoneke. Ulemu umenewu ndi wathu ndipo pabwalo pa mfumu sitingausiye, koma woonera pa foni akuwerengera bandulo yake imene ikutha sekondi iliyonse, ndipo kanema wina ali pafupi ndi chala chake. Sindikunena kuti moni achotsedwe. Moni wa masekondi atatu manja ali kale pa kamtengo ndi wokwanira, ndipo dzina la mudzi likhoza kubwera pambuyo.

Tiyerekezenso kuti pa mphindi 2 ndi masekondi 10 pali kaphiri. Achinyamata adzafulumira kunena kuti pamenepo anthu anapakonda. Mwina n'zoona, komanso mwina mpeni unadutsa mofulumira, kapena dzanja linaphimba podulapo, anthu n'kubwerera kuti aonetsetse. Mzere umangoloza malo, chifukwa chake sunena. Ndiye gulu lisamalize kukambirana lisanaonere gawolo, makamaka pamaso pa wina amene sanauonepo kanemayo, n'kumufunsa ngati wamvetsa ulendo woyamba.

Mphindi 25 zotsatira zikhale za njira zimene oonera anadzera, zimene pa foni zimalembedwa Traffic source. Pansi pake mupeza mawu monga YouTube search, kutanthauza amene anachita kusaka, Suggested videos, amene anauona pambali pa kanema wina, Browse features, amene anaupeza patsamba loyamba, ndi External, amene anachokera kunja kwa YouTube, monga pa WhatsApp kapena Facebook. Pafupi pomwepo pali Impressions click-through rate, gawo la maulendo amene kachithunzi kanaonetsedwa n'kudinidwa. Ngati kanaonetsedwa ka 5,000 ndipo nambalayi ndi 4 peresenti, ndiye kuti maulendo 200 anachokera pamenepo. YouTube imanena kuti theka la matchanelo ndi makanema limakhala pakati pa 2 ndi 10 peresenti, choncho 4 isakhumudwitse munthu.

Wophunzira wakuthwa adzafunsa kuti nanga 400 otsala pa 600 aja achokera kuti. Ambiri adzakhala pansi pa External, chifukwa amene wadina linki pa WhatsApp samawerengedwa mu Impressions, zimene zimawerengedwa kachithunzi kakaoneka mkati mwa YouTube momwemo. Kwa ife kuno, kumene kanema watsopano amayamba kuzungulira m'magulu a WhatsApp a abale, a kusukulu ndi a kumpingo, zimenezi zimasintha kawerengedwe konse. Azakhali amatsegula pofuna kukulimbikitsa, amaona nkhope yako, n'kutseka. Iwo sanabwerere mango. Kugwa kwa masekondi oyamba kuja mwina kukuchokera kwa iwo, osati ku moni yekha, ndipo gulu liyenera kuganizira zonse ziwiri. Palinso china chofunika kuwauza: kanema akatumizidwa pa WhatsApp ngati fayilo, osati linki, akhoza kuzungulira boma lonse popanda ulendo ndi umodzi womwe kuwerengedwa.

A TikTok ndi Facebook asamve kusiyidwa. Pa TikTok asake Average watch time ndi Watched full video, pa Facebook ayang'ane mu Professional dashboard. Angodziwa kuti malowa sawerenga mofanana. Pa TikTok ulendo umawerengedwa kanema akangoyamba, ndipo kuyambira pa 31 Malichi 2025 makanema aafupi a YouTube Shorts amawerengedwanso chimodzimodzi. Kuyerekeza 2,000 ya pa TikTok ndi 600 ya kanema wautali wa pa YouTube kuli ngati kuyerekeza mulu wa tomato wa msika uno ndi wa msika wina osayang'ana kukula kwa muluwo.

Mphunzitsi asamale ndi zinthu ziwiri zimene zimaononga phunziro lotere. Choyamba ndi kusandutsa mpikisano. Mukangolemba pa bolodi mayina ndi manambala a aliyense, wa maulendo 40 adzakhala chete mpaka kumapeto, pomwe mwina kanema wake ndi amene anthu amaonera mpaka kutha. Kanema ayerekezedwe ndi makanema ena a mwini wake yemweyo, a kutalika kofanana. Chachiwiri ndi kukhulupirira manambala ochepa. Pa maulendo 30, atatu okha ndi 10 peresenti, ndipo ena mwa iwo ndi mwini wake akudzionera. Wotereyo aphunzire kawerengedwe pa foni ya mnzake, adikire kuti manambala ake akule asanaweruze ntchito yake.

Mphindi 20 zomaliza aliyense alembe ziganizo zitatu: nambala imene waona, chimene akuganiza kuti chachititsa, ndi chinthu chimodzi chimene akasinthe. Wa mango uja alembe kuti pa sekondi 30 patsala 45 peresenti, akuganiza kuti moni watalika, ndipo kanema wotsatira adzayamba ndi mpeni pa kamtengo. Chikhale chimodzi, chifukwa akasintha moni, kachithunzi, mutu ndi kutalika nthawi imodzi, sadzadziwa chimene chathandiza. Musalole ziganizo monga "ndikayesetsa kwambiri"; mubwezeni ku mzere mpaka atchule sekondi. Gwirizanani tsiku lokumananso pakatha masabata awiri, kuti kanema watsopano akhale atakhala sabata yathunthu pa intaneti, ndipo aliyense adzabwere ndi pepala lake ndi zithunzi ziwiri za Audience retention, cha kanema wakale ndi cha watsopano.