Zipata ziwiri zomwe zimayendetsa wotchi ya pamkono

M'kati mwa wotchi ya batire muli kachidutswa ka mwala wa kwatsi kamene kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi iliyonse. Komatu muvi wa masekondi umasuntha kamodzi kokha pa sekondi. Pakati pa kamwalako ndi muviwo pali mndandanda wa timadera ta magetsi 15, ndipo kalikonse kamagawa pawiri kugunda kumene kalandira: 32,768 amasanduka 16,384, kenako 8,192, mpaka kutsika kufika pa 1. Kadera kotere akatswiri amakatcha filipifulopu, ndipo njira yodziwika kwambiri yokapangira ndi kulumikiza malachi awiri motsatizana, ina ikamatseguka inzake n'kumatsekeka.

Filipifulopu yoyamba anaipanga ndi William Eccles ndi Frank Jordan ku Britain mu 1918, pogwiritsa ntchito mavavu agalasi onga a m'mawailesi akale. Masiku ano timadera timeneti ndi ta matiranzisita, ndipo m'kachipu kamodzi ka foni timakhalamo tambirimbiri.

Kuti nkhaniyi imveke, ndi bwino kuyamba ndi lachi imodzi. Lachi ndi kadera kosunga nambala imodzi, 0 kapena 1. Ili ndi polowera potchedwa D, potulukira potchedwa Q, ndi waya wina woilamula kuti itseguke kapena itsekeke. Ikakhala yotsegula, chilichonse chofika pa D chimangodutsa n'kuonekera pa Q. Ikatsekeka, Q imagwiritsitsa nambala yomwe inalipo pa nthawi yotsekayo, ngakhale D itasinthasintha chotani. Waya wolamulawo nthawi zambiri umalandira kugunda kwa koloko, kolembedwa kuti CLK, komwe kumangokwera pa 1 ndi kutsika pa 0 mosalekeza.

Vuto la lachi imodzi limaonekera munthu akafuna kuigwiritsa ntchito pogawa kugunda pawiri. Kuti Q izitembenuka pa kugunda kulikonse, amatenga potulukira pena potchedwa /Q, pamene nthawi zonse pamakhala chosemphana ndi Q, n'kupalumikiza ku D. Tsopano lachi ikatseguka Q ili 0, D imakhala 1, choncho Q imasanduka 1. Nthawi yomweyo /Q imasanduka 0, ndipo poti lachi idakali yotsegula, 0 uja amadutsanso n'kubwezera Q pa 0. Nambala imazungulira chonchi mothamanga kwambiri kwa nthawi yonse imene CLK ili pa 1, ndipo palibe angadziwe kuti potseka itsalira pati.

Woweta ng'ombe amalidziwa bwino vuto limeneli. Khola la chipata chimodzi ukalitsegula kuti ituluke ng'ombe imodzi, zinzake zimatsatira pambuyo. Koma pakakhala kampata kokwana ng'ombe imodzi, kokhala ndi chipata kumbuyo ndi china kutsogolo, ndipo zipatazo sizitsegulidwa nthawi imodzi, ng'ombe zimatuluka imodziimodzi.

Ndi mmenenso filipifulopu imagwirira ntchito. Potulukira pa lachi yoyamba pamalumikizidwa ku polowera pa lachi yachiwiri. Mabuku a zamagetsi amaitcha yoyambayo bwana, yachiwiriyo kapolo, chifukwa yachiwiri imangotengera zomwe yoyamba yagwira. Lachi yachiwiri imalandira CLK mmene ilili, pomwe yoyamba imailandira itatembenuzidwa ndi kadera kosandutsa 1 kukhala 0 ndi 0 kukhala 1. Zotsatira zake n'zakuti CLK ikakhala 0, yoyamba ndi yotsegula ndipo yachiwiri ndi yotseka. CLK ikakhala 1, yoyamba ndi yotseka ndipo yachiwiri ndi yotsegula. Palibe nthawi imene njira yochokera pa D kukafika pa Q imakhala yotseguka yonse.

Kachipu ka CD4013, kamene kali ndi miyendo 14 ndipo kamagulitsidwa m'masitolo a zida za wailesi, kali ndi mafilipifulopu awiri opangidwa mwa njira imeneyi. Wophunzira amalumikiza mwendo 14 ku mbali ya + ya batire, ndipo mwendo 7 ku mbali ya −. Miyendo 4 ndi 6 nayonso imapita ku −, kuti isasokoneze. Kenako mwendo 2, womwe ndi /Q, amaulumikiza ku mwendo 5, womwe ndi D. Kugunda kumalowera pa mwendo 3, ndipo pa mwendo 1, womwe ndi Q, amaikapo kababu kakang'ono ndi rezisita yake.

Poyamba Q ili 0, kababu n'kozima, ndipo D ili 1. CLK ili 0, choncho lachi yoyamba yalandira 1 uja, koma yachiwiri ndi yotseka ndipo ikusungabe 0. CLK ikakwera, yoyamba imatseka itagwira 1, yachiwiri imatseguka, Q imasanduka 1 ndipo kababu kamayaka. Apa /Q yasanduka 0, ndipo 0 ameneyu wafika pa D, koma wapeza chipata choyamba chili chotseka. Ayenera kudikira. CLK ikatsika, yachiwiri imatseka itagwira 1, kababu kamakhalabe koyaka, ndipo yoyamba imatseguka n'kulandira 0 uja. CLK ikakweranso, 0 amadutsa kufika pa Q ndipo kababu kamazima.

CLK yakwera kawiri, koma kababu kayaka kamodzi. Kumeneko ndiye kugawa pawiri kwa m'wotchi muja. Chinanso chooneka apa n'chakuti Q imasintha pa kamphindi kokha kamene CLK ikukwera, ngakhale kuti m'katimo mulibe chida chozindikira kukwerako. Kusinthana kwa malachi awiriwo ndi kumene kumachititsa zimenezi. Atasinthanitsa dongosolo, yoyamba n'kumatseguka pa 1, yachiwiri pa 0, Q ikhoza kumasintha CLK ikamatsika.

Njirayi ili ndi malire ake. Lachi yoyamba imafunika kanthawi kuti igwire bwino nambala, choncho D iyenera kukhazikika CLK isanakwere, n'kukhalabe yosasintha kanthawi pang'ono itakwera. Nthawi zimenezi zimayezedwa m'mananosekondi, ndipo pa sekondi imodzi pali mananosekondi 1,000,000,000. D ikasintha ndendende pamene chipata chikutsekeka, lachi ikhoza kuima pakatikati, osakhala 0 kapena 1, kenako n'kugwera mbali ina iliyonse. N'chifukwa chake siginolo yochokera kunja, yosayendera koloko ya kachipuko, amaidutsitsa m'mafilipifulopu awiri otsatizana asanaigwiritse ntchito.

Vuto lachiwiri limachokera ku koloko. Ngati CLK ikukwera pang'onopang'ono, kapena yafika ku lachi ina mochedwa, pamakhala kamphindi kamene zipata zonse ziwiri zili zotseguka, ndipo nambala imadutsa nthawi yake isanakwane.

Wophunzira amene akugunditsa mwendo 3 ndi batani la pamanja amakumananso ndi china: kababu kamayaka nthawi zina, nthawi zina ayi. Ambiri amaganiza kuti kachipu kapsa, chonsecho vuto ndi batanilo. Tizitsulo ta m'batani timadumphadumpha kangapo tisanagwirane bwinobwino, ndipo filipifulopu imawerenga kudumpha kulikonse ngati kugunda kwatsopano. Ikawerenga kawiri kapena kanayi, kababu kamabwerera pomwe kanali. Mankhwala ake ndi kuika rezisita ndi kapasita pa batanilo kuti zimeze kudumphako, kenako n'kudutsitsa siginolo m'kachipu konga CD40106, kamene kamasandutsa kukwera kwapang'onopang'ono kukhala kwadzidzidzi. Akatero, kudina kumodzi kumatembenuza kababu kamodzi basi.