Chitsulo chikamachita dzimbiri chimakhala chikutaya chiyani?

Khasu loiwalidwa m'munda nthawi ya dzinja silitenga masiku ambiri kuti lifiire. Mukalikhula ndi mwala, fumbi limayoyoka, ndipo aliyense anganene kuti khasulo ladyeka, lapepuka. Komatu mutasonkhanitsa fumbi lonselo n'kuliika pasikelo pamodzi ndi khasu lake, mungapeze kuti kulemera kwawonjezeka. Magalamu 56 a chitsulo akasanduka dzimbiri onse amafika magalamu 80, osawerengera madzi amene dzimbirilo limasunga. Magalamu 24 owonjezerawo ndi okosijeni wochokera mumpweya womwe timapumawu.

Chimene chitsulo chimataya n'chopepuka kwambiri moti sikelo singachimve. Chimataya maelekitironi.

Atomu iliyonse ya chitsulo ili ndi maelekitironi 26. Iwowa ndi timagawo ting'onoting'ono tonyamula mphamvu ya magetsi ya mayinasi, tomwe J. J. Thomson anatulukira mu 1897. Pakati pa atomuyo pali mphamvu ya pulasi yokwananso 26, choncho atomu yosakhudzidwa siyipendekera mbali iliyonse. Vuto la chitsulo ndi loti maelekitironi ake akunja sichiwagwiritsitsa. Awiri akachoka, atomuyo imatsala ndi pulasi ziwiri zoposera, imalekana ndi zinzake n'kusungunukira m'madzi. Akatswiri amalemba motere:

Fe → Fe²⁺ + 2e⁻

Kutaya maelekitironi kumeneku ndiye okosideshoni. Koma elekitironi siyingochoka popanda kopita. Okosijeni amene wasungunuka m'madzi a pachitsulopo amawalandira anayi nthawi imodzi:

O₂ + 2H₂O + 4e⁻ → 4OH⁻

Kulandira kumeneku ndiye ridakishoni. Pamsika munthu sanganene kuti wagulitsa ngati palibe amene wagula, ndipo apanso n'chimodzimodzi: okosideshoni siyichitika payokha, ridakishoni siyichitika payokha, ndipo chiwerengero cha maelekitironi otayidwa chimafanana ndendende ndi cha olandiridwa.

Tiyeni tiwerenge. Chitsulo chija chataya awiri sichithera pomwepo. Chikakumana ndi okosijeni wina chimatayanso limodzi, n'kukhala Fe³⁺, ndipo ndi pamenepa pomwe mtundu wofiira uja umabwera. Ndiye kuti atomu iliyonse imataya atatu. Maatomu anayi a chitsulo amataya 12. Kumbali inayo, okosijeni amayenda awiriawiri, choncho O₂ atatu ndi maatomu asanu ndi imodzi, iliyonse n'kulandira awiri, onse pamodzi 12. Masamu akwana:

4Fe + 3O₂ → 2Fe₂O₃

Madzi amakakamira m'kati mwa Fe₂O₃ ameneyu, ndipo chophatikizikacho ndicho timachitcha dzimbiri. Kuti magalamu 56 aja athe, pamafunika okosijeni wokwana pafupifupi malita 18, amene amapezeka mumpweya wamba woposa malita 80.

Mzere womalizawu ndi woona, koma umabisa chinthu chimene ine ndimachiyesa mutu wa nkhani yonseyi. Ukauwerenga umaganiza kuti okosijeni amafika pa atomu ya chitsulo n'kuilanda maelekitironi pomwepo. Ayi. Kutaya kumachitikira pena, kulandira pena, ndipo maelekitironi amayenda m'kati mwa chitsulo chenichenicho kuchoka apa kupita apo, chifukwa chitsulo chimadutsa magetsi.

Ulick Evans wa ku yunivesite ya Cambridge anasonyeza zimenezi m'zaka za m'ma 1920 ndi dontho limodzi la madzi amchere. Analiika pachitsulo chokhula bwino, atathiramo mankhwala awiri osintha mtundu: ena obiriwira ngati mtambo akakumana ndi Fe²⁺, ena ofiirira akakumana ndi OH⁻. Patapita kanthawi, pakati pa dontho panaoneka mtundu wa mtambo uja, m'mphepete munafiirira, ndipo pakati pa ziwirizo panazungulira mkombero wa dzimbiri. M'mphepete mwa dontho madzi ndi ochepa, mpweya umalowa mosavuta, ndiye okosijeni amalandirira maelekitironi kumeneko. Pakati pa dontho, pomwe madzi ndi akuya ndipo mpweya ukuchepa, ndi pomwe chitsulo chimasungunuka n'kukumbika kadzenje. Fe²⁺ amasendera kunja, OH⁻ amasendera m'kati, ndipo pomwe akumana ndi pomwe dzimbiri limakhazikika.

Choncho chitsulo chimadyeka kwambiri pamalo pomwe mpweya ukuchepa, ngakhale kuti popanda mpweya sichingachite dzimbiri n'komwe. Amene amakonza njinga ndi magalimoto akhala akuziona zimenezi. Bawuti amadyekera m'kati mwa nati, geti imadukira pomwe zitsulo ziwiri zasanjikizana, ndipo penti ikakalika pang'ono dzimbiri limafukula pansi pake mpaka penti kutupa ngati matuza. Pamwamba pamaoneka kadontho kofiira chabe, koma mukapala mumapeza kuti pansi papita kale.

Madzi ntchito yawo ndi kunyamula Fe²⁺ ndi OH⁻ aja kuti magetsi azungulire. Madzi oyera amanyamula monyinyirika. Mukathiramo mchere amanyamula msanga, ndiye dzimbiri limathamanga. N'chifukwa chake zitsulo za ku Beira ndi ku Nacala, kumene mphepo imabwera ndi mchere wa m'nyanja yaikulu, zimatha msanga kuposa za ku Lilongwe. Feteleza wambiri nayenso ndi mtundu wa mchere, ndipo amakoka chinyontho. Wilibala imene yanyamula feteleza n'kugona yosatsuka imabooka pansi pomwe inzake yonyamula njerwa idakali yolimba.

Zimenezi mungaziyese pakhomo ndi misomali itatu ndi mabotolo atatu. Misomali ikhale yachitsulo wamba, osati yokhomera malata, ndipo muikhule ndi sandipepa mpaka iwale, chifukwa yatsopano imabwera ndi timafuta ta kufakitale. Woyamba muuike m'madzi a pampopi, theka lake lili kunja, botolo losatseka. Wachiwiri muumize m'madzi amene mwawabwatitsa kwa mphindi zingapo, kenako muthire mafuta ophikira pamwamba kuti mpweya usabwereremo. Kubwatitsako kumathamangitsa okosijeni wosungunuka m'madzi. Wachitatu muuike m'botolo louma bwino, pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyontho timene timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano, n'kutseka zolimba. Pakatha masiku awiri kapena atatu woyamba yekha ndiye afiire. Wachiwiri akusowa wolandira maelekitironi, wachitatu akusowa madzi. Wachiwiri akachita dzimbiri ndiye kuti madziwo sanabwate mokwanira kapena anakhutchumuka pothira. Woyamba akakana kufiira, mwina msomaliwo ndi wokutidwa ndi zinki.

Zinki ameneyu ndiye chinsinsi cha malata. Lata ndi chitsulo chopyapyala choviikidwa mu zinki wosungunula. Anthu ambiri amaganiza kuti zinkiyo amangophimba monga ichitira penti, koma amachita zoposa pamenepo. Zinki amataya maelekitironi mosavuta kuposa chitsulo. Lata likakalika, mvula n'kunyowetsa zinki ndi chitsulo pamodzi, okosijeni amalandirabe maelekitironi ake, koma amene amawapereka ndi zinki:

Zn → Zn²⁺ + 2e⁻

Maelekitironiwo amadutsa m'chitsulo kukafika kwa okosijeni, chitsulocho osataya ake. Zinki amadyeka pang'onopang'ono m'malo mwake. N'chifukwa chake m'mphepete mwa lata modulidwa ndi sizasi simuchita dzimbiri msanga. Chitetezochi sichifika patali, ndi kamtunda kochepa chabe kuchokera pomwe zinki walekezera. Denga likayamba mawanga ofiira, ndiye kuti zinki watha pamalo amenewo ndipo chitsulo chayamba kupereka maelekitironi ake.

Chitini cha nsomba kapena cha mkaka chili mosiyana. Nachonso ndi chitsulo, koma chokutidwa ndi tini, amene amaumira maelekitironi ake kuposa chitsulo. Chitini chikakhala chosakalika, zonse zili bwino. Chikakalika n'kugona pamvula, chitsulo ndiye chimapereka, ndipo tini yense wozungulira amasanduka bwalo lalikulu lomwe okosijeni amalandirirapo. Kamalo kakang'ono kokalikako kamadyetsa bwalo lonselo, ndiye kamabooka mofulumira. Mkuwa ukagundana ndi chitsulo pachinyontho umachitanso zomwezo.

Wina angafunse kuti nanga mapoto a aluminiyamu bwanji sadyeka, chikhalirecho aluminiyamu amataya maelekitironi mosavuta kuposa zinki amene. Amatayadi, koma chimene chimapangika pamwamba pake ndi kakhungu kopyapyala, kolimba, komatirira, kamene kamatsekereza mpweya ndi madzi. Dzimbiri la chitsulo lilibe khalidwe limeneli. Ndi lofumbutuka, limamwa madzi, ndipo limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene lachokerako. Zitsulo za m'kati mwa konkire zikachita dzimbiri zimatupa mpaka kung'amba konkireyo. Mukaona mng'alu wotsata mzere wa chitsulo pakhonde kapena pamwamba pa zenera, uli ndi madontho ofiira, gwero lake n'limenelo.

Maelekitironi otayikawo angathe kubwezedwa, ndipo makolo athu ankachita zimenezi kalekale dzina la elekitironi lisanamveke. Mwala wa chitsulo wa m'nthaka ndi chitsulo chimene chinataya kale maelekitironi kwa okosijeni. M'ng'anjo, zonga zomwe zotsalira zake zikuonekabe kumalo osungirako nyama zakutchire a Kasungu, ankasanjikiza mwalawo ndi makala n'kuyatsa. Makala akamayaka mpweya uli woperewera amatulutsa CO, amene amapereka maelekitironi kwa Fe³⁺ n'kutenga okosijeni:

Fe₂O₃ + 3CO → 2Fe + 3CO₂

Apa chitsulo ndicho chikulandira, kaboni akutaya. Ng'anjo ndi dzimbiri ndi ulendo umodzi woyenda mbali ziwiri, kungoti wobwererawu umalira moto woposa madigiri 1,000, pomwe wopitawo umangofuna mame.

Mukafuna kupenta geti kapena mafelemu a mawindo, musapake penti pamwamba pa dzimbiri. Dzimbirilo lasunga kale chinyontho, ndipo penti yatsopano ingobisa chitsulo chikudyekera pansi. Palani ndi bulashi yawaya ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, chiume bwino, muyambe ndi penti yoyamba yofiira ija, kenako yamtundu. Khasu ndi chikwanje muzipukute n'kupaka oyilo wakale musanazisunge. Ndipo mukamakhoma denga, gulani misomali yokutidwa ndi zinki, mukamaliza musese tizidutswa tachitsulo totsala pamalata. Msomali wamba umadya zinki wa pamalo ouzungulira, ndipo dzimbiri la denga limayambira pamenepo.