Mmene Chithunzi Chachikulu cha Setilaiti Chimaonekera Msanga pa Mapu a pa Intaneti

Masetilaiti a Sentinel-2, omwe bungwe la European Space Agency linayamba kuwatumiza mumlengalenga mu 2015, amajambula dziko lapansi n'kugawa zithunzizo m'zigawo za makilomita pafupifupi 110 mulitali ndi 110 mulifupi. Kadontho kalikonse ka chithunzi, komwe akatswiri amakatcha pikiseli, kamaimira malo a mamita 10. Choncho chigawo chimodzi chimakhala ndi mapikiseli 10,980 mbali zonse ziwiri, kutanthauza kuti onse pamodzi amapitirira 120 miliyoni. Poti pikiseli iliyonse imatenga mabayiti awiri, kuwala kwa mtundu umodzi wokha, mwachitsanzo kofiira, kumadzaza mamegabayiti 241 ngati sikunapanikizidwe. Pa netiweki yothamanga mamegabiti 5 pa sekondi, kukopera fayilo yotereyi kumadya mphindi zoposa 6, komanso bandulo yaikulu ndithu.

Komatu munthu amene watsegula mapu pa foni kuti aone mmene madzi asefukirira m'chigwa cha Shire safuna mapikiseli onsewo. Sikirini yake imaonetsa ochepa kwambiri nthawi imodzi. Njira yotchedwa Cloud Optimized GeoTIFF, kapena COG mwachidule, inapangidwa kuti munthuyo azikopera kagawo kokhako komwe akuyang'ana, fayilo yonse n'kukhala chikhalire pa seva.

Fayilo yake ndi yakale, chasintha ndi kasanjidwe

TIFF ndi mtundu wa fayilo ya zithunzi womwe wakhala ukugwiritsidwa ntchito kuyambira mu 1986. GeoTIFF ndi TIFF yomweyo, kungoti mkati mwake amalembamo malo a padziko omwe chithunzicho chikuimira komanso kukula kwa pikiseli iliyonse. COG nayonso ndi GeoTIFF wamba: dzina lake limathera ndi `.tif`, ndipo pulogalamu yakale yotsegulira mapu imaitsegula popanda vuto. Chimene chimaisiyanitsa ndi dongosolo la zinthu mkati mwa fayilo. Bungwe la Open Geospatial Consortium linavomereza dongosololi kukhala muyezo wovomerezeka mu 2023, ngakhale kuti anthu anali atayamba kale kuligwiritsa ntchito.

Dongosololi lili ndi mbali zitatu. Mbali yoyamba ndi kudula chithunzi m'timagawo tofanana mbali zonse, ngati mmene matailosi amayalidwira pansi m'nyumba, ndipo nawo amatchedwa matailosi. GeoTIFF zambiri zakale zimasunga chithunzi m'mizere yoyenda kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Pa chithunzi cha Sentinel-2, mzere umodzi ndi makilobayiti pafupifupi 22. Kuti pulogalamu ione dera la makilomita 5 mbali zonse, iyenera kuwerenga mizere 500 yathunthu, yomwe ndi mamegabayiti 11, kenaka n'kutaya pafupifupi zonse. Chithunzi chomwecho chikadulidwa m'matailosi a mapikiseli 512, chimakhala ndi matailosi 22 mulitali ndi 22 mulifupi, onse pamodzi 484, lililonse la theka la megabayiti. Dera la makilomita 5 lija limagwera m'matailosi osapitirira anayi, ndiye kuti mamegabayiti awiri okha.

Mbali yachiwiri ndi makope ochepetsedwa, omwe pa kompyuta amalembedwa kuti `overviews`. Matailosi amathandiza pamene munthu wakokera mapu pafupi, koma akafuna kuona chithunzi chonse, pulogalamu ikanafunikabe kuwerenga matailosi onse 484. Pofuna kupewa zimenezi, mkati mwa fayilo amasungamo makope ena, lililonse lochepa ndi theka kuposa linzake: la mapikiseli 5,490, la 2,745, la 1,373, la 687 ndi la 344. Sikirini ya mapikiseli 1,000 ikamaonetsa chigawo chonse imakhutira ndi kope la 1,373, lomwe ndi matailosi 9, osakwana mamegabayiti 5 asanapanikizidwe. Makope onsewa amangowonjezera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu pa kukula kwa fayilo, chifukwa kope lililonse lili ndi kota chabe ya mapikiseli a lomwe lili pamwamba pake.

Mbali yachitatu ndi mutu wa fayilo. Mu TIFF muli mndandanda wonena pomwe tailosi lililonse layambira ndi kuchuluka kwa mabayiti ake. Manambalawa amasungidwa m'malo otchedwa `TileOffsets` ndi `TileByteCounts`. TIFF wamba imalola kuti mndandandawu ukhale paliponse, ngakhale kumapeto kwenikweni. COG imauika koyambirira, kuti pulogalamu ikangowerenga makilobayiti ochepa oyamba, idziwe pomwe pali chilichonse.

Kupempha kagawo osati fayilo yonse

Zonsezi zimatheka chifukwa cha chinthu chomwe chinalipo kale pa intaneti. Malamulo a HTTP, omwe burawuza ndi seva zimatsata polankhulana, amalola kupempha mabayiti ena okha a fayilo. Ndi njira yomweyi imene imachititsa kuti kukopera komwe kunadukira panjira kupitirire pomwe kunalekezera. Pempho lake limakhala ndi mzere wotere:

```
Range: bytes=0-16383
```

Seva ikamvetsa, imayankha ndi nambala `206 Partial Content` n'kutumiza makilobayiti 16 okhawo. Pulogalamu ya mapu imawerenga mutu, imawerengera kope loyenera ndi matailosi omwe agwera pa sikirini, kenaka imapempha mabayiti a matailosi amenewo. Munthu akasuntha mapu, imapempha ena oyandikana nawo.

Apa seva sichita ntchito ina iliyonse kupatula kusunga fayilo ndi kupereka mabayiti omwe apemphedwa. N'chifukwa chake mafayilowa amatha kukhala m'malo osungira zinthu obwereka pa intaneti, otchedwa kilaudi, monga Amazon S3. Kale wofalitsa mapu ankayenera kudula chithunzi m'timafayilo tambirimbiri ta PNG kapena JPEG, kapena kuyendetsa seva yapadera ya mapu usana ndi usiku. Ndi COG, fayilo imodzi imatumikira woonera pa foni komanso katswiri wofuna manambala enieni a mapikiseli. Bungwe la United States Geological Survey limagawa zithunzi za Landsat Collection 2 mwa njirayi, ndipo Digital Earth Africa imasunga zithunzi za mayiko a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, ngati COG pa maseva a Amazon a ku Cape Town.

Kapangidwe kake

Chida chomwe ambiri amagwiritsa ntchito ndi GDAL, pulogalamu yaulere yomwe imagwiranso ntchito mkati mwa QGIS. Kuyambira pa GDAL 3.1, yomwe inatuluka mu 2020, lamulo limodzi limakwanira. Zithunzi za Sentinel-2 zimabwera ngati JPEG 2000, ndipo kuwala kofiira kumakhala mu fayilo ya B04:

```
gdal_translate B04.jp2 B04_cog.tif -of COG \
  -co BLOCKSIZE=512 -co COMPRESS=DEFLATE \
  -co PREDICTOR=YES -co RESAMPLING=AVERAGE
```

Lamuloli limadula matailosi, limapanga makope ochepetsedwa, ndipo limasanja mutu koyambirira. Zosankha ziwiri zimafuna kuganiza bwino. Choyamba ndi kapanikizidwe. `DEFLATE`, `LZW` ndi `ZSTD` zimachepetsa fayilo popanda kusintha nambala ngakhale imodzi, choncho n'zoyenera pa zithunzi zomwe anthu adzawerengerepo zinthu monga kubiriwira kwa mbewu. `JPEG` imachepetsa kwambiri kuposa pamenepo, koma imasintha pang'ono manambala, ndipo imayenera zithunzi zamitundu zongoonera ndi maso.

Chachiwiri ndi mmene makope ochepetsedwa amapangidwira. `AVERAGE` imatenga mapikiseli anayi n'kupeza nambala yapakati, zomwe zimapereka chithunzi chosalala. Koma pa mapu omwe manambala ake ndi mayina a magulu, mwachitsanzo 1 kuimira madzi, 2 nkhalango, 3 minda, njirayi imasokoneza: pomwe madzi akumana ndi minda, nambala yapakati imakhala 2, ndipo mapu amaonetsa nkhalango m'mbali monse mwa mtsinje pomwe palibe mtengo. Pa mapu oterewa pamafunika `NEAREST` kapena `MODE`.

Zomwe zimalakwika ndi kuzizindikira kwake

Mapu akamachedwa, poyambira kufufuza ndi fayilo yeniyeniyo. Lamulo la `gdalinfo` limaonetsa kukula kwa matailosi. Likalemba `Block=512x512` ndiponso mzere wa `Overviews`, zinthu zili bwino. Likalemba `Block=10980x1`, chithunzicho chidakali m'mizere. Lamulo la `rio cogeo validate` limafufuzanso ngati mutu uli koyambirira. Kufufuzaku kumafunika kubwerezedwa fayilo ikangosinthidwa, chifukwa kulembamo zina pambuyo pake kumatha kukankhira zinthu kumapeto n'kuwononga dongosolo. Njira yodalirika ndi kupanga COG yatsopano kuchokera ku fayilo yokonzedwayo.

Fayilo ikakhala yabwino, vuto lingakhale seva. Iyesedwe motere:

```
curl -r 0-16383 -D - -o /dev/null https://example.org/B04_cog.tif
```

Yankho likakhala `206`, seva ikupereka kagawo. Likakhala `200`, ikutumiza fayilo yonse pa pempho lililonse, ndipo phindu lonse la COG latayika. Pali vuto linanso lomwe limasokoneza anthu ambiri: chithunzi chimatseguka mu QGIS koma pa burawuza pamangoti mbee. Kawirikawiri chifukwa chake ndi lamulo la chitetezo lotchedwa CORS, lomwe limaletsa tsamba kuwerenga fayilo ya pa adiresi ina pokhapokha seva yosungayo itavomereza. Chilolezocho chimaikidwa pa seva, ndipo chiyenera kuphatikizapo `Range`.

Palinso nkhani ya kayalidwe ka mapu. Zithunzi za Sentinel-2 za ku Malawi zimabwera mu UTM 36S, yomwe nambala yake ndi `EPSG:32736`, pomwe mapu ambiri a pa intaneti amagwiritsa ntchito `EPSG:3857`. Chithunzi chimayenera kupindidwa kuti chigwirizane ndi mapu, ndipo ntchitoyi imachitika nthawi iliyonse munthu akasuntha sikirini. Ngati fayilo ndi yongoonetsera, ndi bwino kuisinthiratu poipanga ndi `-co TILING_SCHEME=GoogleMapsCompatible`. Ngati ndi yowerengera, isiyidwe mmene inabwerera, chifukwa kupinda kumasintha manambala a mapikiseli.

Malire ake

COG siichotsa nthawi yomwe pempho limatenga kupita ku seva ndi kubwerako. Pulogalamu iyenera kudikira mutu isanapemphe matailosi, ndipo mapu ophatikiza mafayilo makumi angapo amawerenga mitu yochuluka chomwecho. Seva ikakhala kutali, kudikiraku kumaoneka. Foni yofooka nayo imavutika kumasula matailosi opanikizidwa, n'chifukwa chake ena amaika pakati pulogalamu ngati TiTiler, yomwe imawerenga COG n'kutumizira foni timatailosi topepuka. Pa deta yokhala ndi miyeso yambiri ya nthawi, monga ya nyengo ya tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, mitundu ina ya mafayilo ngati Zarr imachita bwino kuposa COG.

Koma pa chithunzi chachikulu chomwe anthu ambiri amaonako kagawo kakang'ono, zofunika ndi zinayi: matailosi, makope ochepetsedwa, mutu woikidwa koyambirira, ndi seva yoyankha `206`. Chimodzi chikasowa mapu amachedwa, ndipo zonse zikakhalapo, munthu amakopera mamegabayiti ochepa m'malo mwa 241.