Ntchito Ikatha, Kambiranani Popanda Kulozana Zala

Ntchito ya chitukuko ikafika kumapeto, makomiti ambiri amachita chimodzi mwa zinthu ziwiri. Ngati yayenda bwino, amachita phwando n'kubalalika. Ngati yasokonekera, amaitanitsa msonkhano wofunafuna wolakwa. Pa msonkhano woterewu aliyense amabwera atakonzeka kudziteteza, ndipo amene akudziwa zambiri ndiye amatseka pakamwa kwambiri. Wina amadzudzulidwa kapena kuchotsedwa, koma chimene chinayambitsa vutolo chimakhalabe pomwepo kudikira komiti yotsatira.

Pali njira ina, yomwe inakhwimira kwambiri pa nkhani za maulendo a pandege. Pa 1 Disembala 1974, ndege ya kampani ya TWA inaomba phiri ikuyandikira bwalo la Dulles, pafupi ndi mzinda wa Washington ku Amereka, ndipo anthu onse 92 anafa. Oyendetsa ndegeyo atauzidwa kuti aloledwa kuyamba kutera, anamva ngati akhoza kutsika nthawi yomweyo, pamene woyang'anira ndege ali pansi sankatanthauza zimenezo. Ofufuza anapeza kuti milungu 6 m'mbuyomo, ndege ya kampani ya United inatsala pang'ono kuomba phiri lomwelo pa chifukwa chomwecho. Oyendetsa ake anaulula ku kampani yawo, koma panalibe njira yoti chenjezolo lifike kwa a makampani ena. Mu 1976 boma la dzikolo linakhazikitsa dongosolo loti aliyense wogwira ntchito za ndege azinena zimene zalakwika dzina lake osaululidwa, ndipo linaliika m'manja mwa bungwe la NASA, lomwe lilibe mphamvu yolanga oyendetsa ndege. Iwo anaona kuti munthu sanganene zoona kwa amene wagwira mkwapulo.

Maganizo omwewa ali kale kuno kwathu. M'zipatala za ku Malawi, mayi akamwalira pa nthawi yobereka, azaumoyo amayenera kukhala pansi n'kuunika imfayo, ndipo lamulo la zokambiranazo ndi lakuti pasatchulidwe dzina ndipo pasaimbidwe mlandu munthu. Komiti ya sukulu, ya mjigo kapena ya tchalitchi ikhoza kuchita chimodzimodzi.

Tiyerekeze kuti komiti ya sukulu yamaliza kumanga chipinda chophunziriramo, koma matumba 40 a simenti mwa 200 anauma asanagwiritsidwe ntchito, ndipo makolo anasonkhanso ndalama. M'mudzi nkhani yatha kale: wosunga katundu ndi wosasamala. Tiyeni tione mmene msonkhano wounika ntchito ungayendere.

Uchitike pasanathe milungu iwiri ntchito itatha, anthu asanaiwale. Abwere amene anagwiradi ntchitoyo: mmisiri, wosunga katundu, msungichuma, mlembi ndi amayi amene ankatunga madzi. Wotsogolera zokambirana akhale munthu amene sanatenge mbali pa ntchitoyo komanso amene si bwana wa aliyense m'chipindamo. Iye anene poyambirira kuti zimene zikambidwe sizidzagwiritsidwa ntchito polanga munthu. Wapampando ndi a mfumu alankhule pomalizira, chifukwa wamkulu akangonena maganizo ake, ena onse amangovomereza.

Mafunso otsogolera ndi anayi, ndipo anatchuka ndi asilikali a ku Amereka, amene anayamba kuunika motere zochita zawo m'zaka za m'ma 1970. Tinkafuna kuti chichitike n'chiyani? Chinachitika n'chiyani? N'chifukwa chiyani ziwirizi zinasiyana? Ulendo wina tisunge chiyani ndipo tisinthe chiyani?

Funso lachiwiri limafuna mndandanda wa zochitika motsatira masiku, wolembedwa pa bolodi kuchokera m'malisiti ndi m'buku la mlembi. Pa chitsanzo chathu, ndalama zinkayembekezeka mu Ogasiti koma zinafika kumapeto kwa Okutobala. Komiti inagula matumba onse 200 nthawi imodzi n'kuwasanja pansi m'kachipinda kakale. Uvuni wa njerwa unali usanaotchedwe, choncho amisiri anayamba mu Januwale, mvula ili mkati. Atatsegula kachipindako anapeza matumba a pansi ndi a kukhoma ali gwa.

Apa ndi pamene luso la wotsogolera limaoneka. Akafunsa kuti, "Bwanji simunasamale simenti?" ndiye kuti wagamula kale mlandu. M'malo mwake afunse motere: "Bambo, tatiuzani, tsiku limene lole inabwera munaona chiyani, ndipo munali ndi chiyani m'manja?" Wosunga katundu akhoza kufotokoza kuti lole inafika madzulo, mapulanga oyalapo matumba panalibe, ndipo dalaivala ankafulumira kubwerera. Mu Disembala anaona denga likudontha ndipo anauza wapampando pakamwa. Kugula lata latsopano kunkafuna cheke chosayinidwa ndi anthu atatu, koma mmodzi anali atachokapo, ndipo komiti inalibe ndalama zapafupi zothandizira zinthu zazing'ono. Nayenso msungichuma ali ndi chifukwa chomveka chogulira zonse pamodzi: mtengo unkakwera, ndipo kubwereka lole kawiri kukanadya bajeti.

Ntchito ikatha, zonse zimaoneka ngati zinali zodziwikiratu, ndipo n'kosavuta kunena kuti aliyense akanaona ngoziyo. Koma mu Okutobala palibe amene ankadziwa kuti njerwa zichedwa mpaka Januwale. N'chifukwa chake mawu akuti "mukanachita" ndi "munayenera" ayenera kuletsedwa m'chipindamo. Chofunika kudziwa ndi chimene chinachititsa kuti chisankhocho chioneke chanzeru pa tsikulo.

Tsopano phunziro lilembedwe, ndipo lilembedwe ngati chochita. Mawu akuti "tizisamala katundu" si phunziro, chifukwa sasintha kanthu. Lipoti labwino linganene kuti simenti izigulidwa m'magawo njerwa zikapsa, chifukwa siyenera kukhala kupitirira miyezi itatu. Linganenenso kuti lole isanaitanidwe, mmisiri aziyendera chipinda kuti aone denga ndi mapulanga, ndipo matumba asakhudze pansi kapena khoma, komanso asasanjidwe oposa 10 mulu umodzi. Msungichuma azikhala ndi kandalama kovomerezeka ka zinthu zadzidzidzi, ndipo ku banki kulembetsedwe wosayina wachinayi. Chochita chilichonse chikhale ndi mwini wake ndi tsiku lake. Pofotokoza zimene zinachitika, lipotilo litchule maudindo okha, osati mayina. Zimene zinayenda bwino zilembedwenso, kuti komiti yatsopano isazitaye posadziwa.

Njirayi ili ndi malire. Ngati kuwerengetsa kwaonetsa kuti matumba ena sanaume koma anagulitsidwa, umenewo ndi mlandu, ndipo upite kwa oyenera pa tsiku lina. Anthu auzidwe zimenezi msonkhano usanayambe, kuti pasadzakhale wonena kuti anapusitsidwa. Kulakwitsa kwa munthu amene ankayesetsa ndi zimene anali nazo n'kosiyana ndi kuba kapena kunyalanyaza mwadala.

Mungadziwe kuti msonkhano walephera ngati antchito wamba sanalankhule, ngati chifukwa chimene chapezeka ndi khalidwe la munthu mmodzi, kapena ngati vuto lonse lakankhidwira kwa amene sanabwere. Chiyeso chachikulu chimabwera pambuyo pake. Wosunga katundu uja akadzachotsedwa mwezi wamawa chifukwa cha zimene anaulula, palibenso amene adzanene zoona pa msonkhano wina uliwonse. Lipoti likhale lalifupi, tsamba limodzi kapena awiri, ndipo liwerengedwe mokweza pa msonkhano woyamba wa ntchito yotsatira, ndalama zisanatuluke ku banki.