Kusunga mafayilo: mumange mtolo wa tar kapena mukopere ndi rsync?

Munthu amakopera mafayilo ake onse pa fulashi n'kugona mtima uli m'malo. Tsiku limene kompyuta yafa, amawabwezera pa ina, koma ssh n'kukana kiyi wake wachinsinsi, ati aliyense angathe kumuwerenga. Mafayilo alipo onse. Chatayika ndi zilolezo.

Pa Linux fayilo iliyonse ili ndi mwini wake, gulu lake, ndi malamulo a amene angaiwerenge, kuilemba kapena kuiyendetsa. Mafulashi ambiri amabwera ndi FAT32 kapena exFAT, zimene zilibe polemba zimenezi. Apa m'pamene tar ndi rsync zimasiyanirana. Pulogalamu ya tar, imene inayamba mu 1979 nthawi ya matepi, imamanga zonse mu mtolo umodzi n'kulemba zilolezo m'kati mwa mtolowo, moti pamene wagona palibe kanthu, bola pa FAT32 usafike 4 GB. Pomasula muikepo -p, ndipo kuti eni mafayilo abwerere muyenera kukhala root. Koma rsync, imene Andrew Tridgell ndi Paul Mackerras anatulutsa mu 1996, imakopera fayilo iliyonse payokha. Ngakhale mulembe -a, pa exFAT zilolezo sizingakhale. Imafuna diski ya ext4 kapena yofanana nayo.

Tiyerekeze kuti foda yanu ndi ya 20 GB ndipo patsiku mumasintha 50 MB yokha. Ndi tar ya GNU mungalembe chonchi:

```
tar -cf lolemba.tar -g kaundula.snar /home/ntchito
```

Lachiwiri mumangosintha dzina la mtolo. Pulogalamuyo imayang'ana m'kaundulamo n'kutenga zosintha zokha. Vuto limabwera pobwezera. Kuti mupeze za Lachisanu muyenera kumasula mitolo isanu motsatana, ndipo wa Lachitatu ukawonongeka, zimene zinasintha tsiku limenelo lokha zapita.

Njira ya rsync ndi iyi:

```
rsync -a --link-dest=/diski/lolemba /home/ntchito/ /diski/lachiwiri/
```

Mukatsegula foda ya Lachiwiri mupeza zonse, ngati kuti mwakoperanso 20 GB. Komatu fayilo imene sinasinthe sinakoperedwe kawiri, yangopatsidwa dzina lachiwiri loloza pamalo omwewo pa diski. Mukafufuta foda ya Lolemba, ya Lachiwiri imakhalabe yamphumphu. Kuti mutsimikize, yezani mafoda awiriwo pamzere umodzi ndi du -sh. Yachiwiri iyenera kuonetsa pafupifupi 50 MB. Ikaonetsa 20 GB, kawirikawiri ndiye kuti mwalakwitsa dzina pa --link-dest.

Ineyo ndimadalira rsync tsiku ndi tsiku, chifukwa fayilo imene ndafufuta mwangozi ndimangokaitola m'foda yadzulo. Ndimagwiritsa ntchito tar zinthu zikamapita pa fulashi ya munthu wina. Ndipo samalani ndi kamzere ka / kumapeto kwa /home/ntchito/. Mukakaiwala, rsync imakopera foda yeniyeniyo m'malo mwa zam'kati mwake, mayina sagwirizananso ndi adzulo, ndipo 20 GB yonse imakoperedwa mwatsopano.