Kompuresa: dzanja losaoneka limene limasalaza mawu pa wailesi

Munthu akamayankhula, mawu ake sakhala pa mulingo umodzi. Amayamba chiganizo mwamphamvu n'kuchimaliza chapansipansi, amaseka mokweza, ndipo nthawi zina amatembenuka n'kutalikirana ndi maikolofoni. Pocheza maso ndi maso palibe amene amadandaula nazo, koma mawu omwewo akajambulidwa n'kumveredwa m'minibasi kapena pa kasipika ka foni, mavuto amayamba. Mawu otsika amamira m'phokoso la injini, womvera amakweza voliyumu, kenako chiseko chikabwera chimamuboola m'makutu.

Chida chothetsera vutoli ndi kompuresa, ndipo chimapezeka m'situdiyo za wailesi komanso m'mapulogalamu a pakompyuta monga Audacity, yomwe ndi yaulere. Ntchito yake n'chimodzimodzi ndi ya munthu amene wagwira kabatani ka voliyumu, woyankhula akakweza mawu iye n'kutsitsa, akafatsa n'kubwezera pomwe panali. Kusiyana kwake n'kwakuti makinawa amachita zimenezi mwachangu choti dzanja silingafikeko. Ambiri amaganiza kuti kompuresa imakweza mawu otsika, koma ayi ndithu, iyo imangotsitsa okwera. Kukwezako kumabwera pambuyo pake, ndipo kuli ndi mtengo wake.

Mphamvu ya mawu amaiyeza m'madesibelo, omwe amalembedwa dB. Pakompyuta, 0 dB ndiye denga: mawu akafuna kupyola pamenepo amasweka n'kumamveka mokhadzula. N'chifukwa chake manambala onse amakhala ndi kamzere kutsogolo, moti -6 dB ndi mawu okwera kwambiri pomwe -30 dB ndi otsika.

Tiyerekeze kuti mtolankhani wajambula agogo ena akufotokoza mbiri ya mudzi wawo. Nthawi zambiri mawu awo akuyenda cha pa -18 dB. Akamamaliza ziganizo akutsika kufika pa -30 dB, koma akafika posangalatsa akufuula mpaka -6 dB. Pakati pa kunong'ona ndi kufuulako pali mpata wa madesibelo 24, womwe ndi waukulu kwambiri kwa womvera amene ali pamsewu.

Poyambira ndi pamene palembedwa Threshold. Awa ndi malire amene kompuresa imayambira kugwira ntchito, ndipo mawu osafika pamenepo siiwakhudza. Mtolankhaniyo akaika malirewa pa -21 dB, mawu a agogo a tsiku ndi tsiku aziwapyola pang'ono, kufuula kuziwapyola kwambiri, pomwe mathero otsika a ziganizo azidutsa osakhudzidwa.

Kenako pali Ratio, yomwe imanena kuchuluka kwa katsitsidwe. Ikakhala 3:1, pa madesibelo atatu aliwonse opyola malire, limodzi lokha ndi limene limaloledwa kutuluka. Kufuula kwa agogo kwa -6 dB kwapyola malire ndi madesibelo 15. Tikagawa 15 ndi 3 tipeza 5, ndiye kuti kufuulako kutuluka pa -16 dB, kutatsitsidwa ndi madesibelo 10. Mawu a pa -18 dB apyola ndi 3 basi, choncho atuluka pa -20 dB. Kunong'ona kuja kukadali pa -30 dB. Mpata umene unali 24 tsopano ndi 14, ndipo ntchito yeniyeni ya kompuresa yathera pomwepo. Pa mawu oyankhula, 2:1 kufikira 4:1 imakwanira. Ikafika 10:1 kapena kupitirira, chidacho chimasanduka chotchinga chongoletsa mawu kupyola malire, ndipo munthu amamveka ngati wafinyidwa pakhosi.

Popeza pamwamba patseguka malo, mawu onse angathe kukwezedwa pamodzi pogwiritsa ntchito Make-up gain. Akawonjezera madesibelo 8, kunong'ona kufika pa -22 dB ndipo kufuula pa -8 dB, zonse zikumveka bwino popanda kusweka. Koma apa ndi pamene pagona mtengo uja. Kukwezaku sikusankha: nkhuku zimene zimalira kuseri kwa nyumba, mphepo, chigayo chapatali ndi mpweya wa agogo pokoka, zonse zakwera ndi madesibelo 8 omwewo. Amene wajambulira pamalo aphokoso asayembekeze kuti kompuresa imupulumutsa, chifukwa imangoliika phokosolo poyera.

Masamu aja amanena za kuchuluka kokha. Funso la liwiro limayankhidwa ndi Attack ndi Release, ndipo awiriwa ndi amene amavuta kuwamva kwa wongoyamba kumene. Onse amayezedwa m'mamilisekondi, olembedwa ms, ndipo 1000 ms ndi sekondi imodzi.

Attack ndi changu chimene kompuresa imatsitsira mawu akangopyola malire. Zingaoneke ngati kufulumira ndiye kwabwino, koma si choncho. Kumayambiriro kwa mawu kumakhala kakugunda kakafupi, makamaka pa zilembo monga p, t ndi k, ndipo khutu limadalira kakugundako pozindikira chimene chanenedwa. Attack ikakhala 1 ms, kakugundako kamaphwanyidwa ndipo agogo amamveka ngati akuyankhula atatseka kukamwa. Ikakhala 50 ms kapena kuposa, chiyambi cha kufuula chimadutsa chonse makina asanagwire, n'kumveka ngati kuthwanula. Pakati pa 5 ndi 15 ms ndi poyambira pabwino, ndipo kwa agogowa 10 ms ingachite. Sikuti changu n'choipa nthawi zonse. Kompuresa yotchuka yotchedwa 1176, imene Bill Putnam anaitulutsa ku America mu 1967, imagwira pasanathe ndi milisekondi imodzi yomwe, ndipo akatswiri amaikondabe pa mawu a oimba. Koma pankhani yoyankhula, pamene chofunika n'chakuti liwu lililonse limveke, kudekha pang'ono kumapindulitsa.

Release ndi nthawi imene imatenga kuti isiye kutsitsa mawu akabwerera pansi pa malire. Ikafupika kwambiri, monga 20 ms, voliyumu imakwera ndi kutsika pakati pa liwu ndi liwu, ndipo phokoso lakumbuyo limamveka likufufuma ndi kuphwa ngati chinthu chikupuma. Ikatalika kufika sekondi yathunthu, vuto limakhala lina: agogo akafuula kenako n'kunena kanthu motsitsa, kompuresa imakhala ikadali yotsitsa, ndipo kanthu kotsikako, kamene mwina ndiye mutu wa nkhani, kamatayika. Pakati pa 80 ndi 150 ms ndi pamene ambiri amayambira, ndipo woyankhula mofulumira amafuna yofupikirapo kusiyana ndi woyankhula modekha.

Makompuresa ambiri amakhala ndi mita yosonyeza madesibelo amene akuchotsedwa, yolembedwa Gain reduction kapena GR. Pa mawu okwererapo iyenera kumasewera cha pa 3 mpaka 6 dB, kufika 10 pa kufuula kokha, n'kumabwerera pa 0 woyankhula akapuma. Ikakhala yosabwerera n'komwe, ndiye kuti Threshold yatsika kwambiri kapena Release yatalika. Ikakhala yosasuntha, malire ali pamwamba ndipo palibe chikuchitika.

Pali msampha umodzi umene umakola ngakhale ozolowera. Khutu limakonda chilichonse chokwera, moti mawu okwezedwa ndi Make-up gain amamveka ngati akoma ngakhale atawonongeka. Poyerekeza mawu okonzedwa ndi osakonzedwa, onse awiri ayenera kukhala pa voliyumu yofanana, ndipo ndi bwino kuwamvera pa mahedifoni komanso pa sipika ya foni. Ngati kufuula kwa agogo kunagunda 0 dB pa nthawi yojambula n'kusweka, kompuresa ingotsitsa kukhadzulako koma sichotsa. Mankhwala ake ndi a tsiku lojambula lomwelo: kutsitsa mphamvu ya maikolofoni kuti mawu okwera kwambiri asapyole cha pa -6 dB, ndi kuigwira pa mtunda wosasinthasintha, ngati chikhatho chimodzi kuchokera pakamwa pa woyankhula.