Makatawala aimikidwa, siginecha palibe

Woyendera za chitetezo akafika pamalo omwe kontilakitala akumanga nyumba yosanja, amayamba wazungulira pamalopo asanatsegule fayilo. Pajatu pepala silikana inki.

Tinene kuti wapeza amisiri ali pa makatawala aatali mamita asanu. Kaundula wa mu fayilo ayenera kusonyeza kuti munthu wodziwa ntchitoyi amawayendera sabata iliyonse, komanso kukaomba chimphepo. Koma siginecha yomaliza ndi ya mwezi watha. Apa kungolemba kuti “makatawala sali bwino” n'kutaya nthawi, kontilakitala adzangokana. Amalemba tsamba la kaundulayo, tsiku la siginecha yomaliza, n'kujambula chithunzi cha thabwa losweka ndi mbali yopanda chotchingira. Masiginecha a masabata angapo ofanana ndendende, pa tsamba lopanda ndi fumbi lomwe, amaonetsa kuti wina anawalemba usiku umodzi.

Nthawi yokonzera imatengera kukula kwa ngozi. Makatawalawo, anthu atsike pompo mpaka akonzedwe. Setifiketi ya wopereka chithandizo choyamba ikatha ntchito, angapatsidwe sabata ziwiri. Vuto lililonse limalembedwa ndi udindo wa wolikonza, ndipo silifufutidwa chifukwa cha lonjezo la pafoni: woyendera amabweranso kudzaona yekha.